Bala likupola kapena latukusira? Zimene chithunzi cha pafoni chimanena, ndi zimene chimabisa

M'magulu a WhatsApp apabanja masiku ano simusowa chithunzi cha bala. Wina wajambula pamene anamusoka, wabweretsa foni pafupi mpaka ulusi ukuoneka ngati zingwe, kenako n'kulemba kuti, "Abale, izi zili bwinobwino?" Mayankho sachedwa. Azakhali akuti lawola, thamangani. Achimwene a ku Joni akuti palibe vuto, ingomwani makapisozi. Onsewa ayang'ana chithunzi chimodzimodzi.

Ine ndine namwino, ndipo kwathu ndi kwa Nchilamwela, pafupi ndi boma la Thyolo. Zithunzi zoterezi zimandipeza pafupifupi sabata iliyonse. Zambiri zimakhala za mitundu iwiri: za anyamata amene adzitema ndi mpeni kapena chikwakwa m'minda ya tiyi, ndi za amayi amene angobereka kumene pa opareshoni. Yankho langa loyamba limakhumudwitsa ambiri, chifukwa ndimawafunsa kuti dzulo linali bwanji. Chithunzi chimodzi chimangoonetsa pamene bala lili lero. Chimene tikufuna kudziwa n'choti likulowera kuti. Bala lopola limacheperachepera ululu, kutupa ndi timadzi tsiku ndi tsiku. Bala limene mwalowa tizilombo limayamba ngati likupola, kenako n'kubwerera m'mbuyo.

Nkhaniyi si yaing'ono. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2016 kuti m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene, anthu 11 mwa 100 aliwonse ochitidwa opareshoni bala lawo limalowa tizilombo, ndipo muno mu Africa chiwerengerochi chimatha kufika pa amayi 20 mwa 100 aliwonse obereka pa opareshoni. Vutoli nthawi zambiri limaoneka munthu atatuluka kale m'chipatala, ali kumudzi, kumene woyamba kuliona ndi iye mwini ndi kamera ya foni yake.

Bala labwino nalonso limaopsa

Thupi likachekeka limatumiza magazi ambiri pamalopo kuti akayeretse ndi kumanga. N'chifukwa chake masiku atatu kapena anayi oyambirira bala lililonse, ngakhale losokedwa mwaukhondo, limatupa pang'ono, limafunda, limapweteka, ndipo m'mphepete mwake mumasintha mtundu. Kusinthako kumakhala kamzere kakang'ono kotsatira bala, kosaposa theka la sentimita mbali iliyonse, ndipo mwina timadontho tozungulira pamene ulusi walowa. Pabandeji pamaoneka timadzi toyera kapena tachikasu pang'ono, tosagwirana, nthawi zina tosakanikirana ndi timagazi. Timeneti si mafinya. Mukamayang'ana timaonekera mkati ngati madzi, ndipo sitinunkha.

Sabata yoyamba ikamatha, pansi pa bala losokedwa pamamveka kamzere kolimba ngati munthu waikamo pensulo. Amayi ambiri obereka pa opareshoni amachita nako mantha. Mlamu wanga anandiimbira usiku akuti, "Alamu, mwatupa chinachake m'katimu." Nditamufunsa ngati kakupweteka akakakhudza, ngati kakutentha, ngati kali malo amodzi kapena kakutsatira mzere wonse, anati kakutsatira mzere wonse ndipo sikapweteka. Umenewo ndi mnofu watsopano umene thupi likulumikizira bala, ndipo kamafewa pakokha pakapita milungu. Chotupa chodetsa nkhawa chimakhala pamalo amodzi, chofewa ngati muli madzi, chopweteka, ndipo chimakula.

Ndiye apa pali kalendala yofunika kuisunga m'mutu. Kutupa ndi ululu zimafika pachimake patatha masiku awiri kapena atatu, kenako zimayamba kutsika. Tizilombo nato timafuna nthawi yoti tichulukane, choncho bala lotukusira kawirikawiri limadziulula kuyambira tsiku la 4 mpaka la 10, ngakhale achipatala amaliyang'anirabe mpaka masiku 30 kuchokera pa opareshoni. Kutupa kwa tsiku la 2 ndi kutupa kwa tsiku la 6 kungafanane pachithunzi, koma tanthauzo lake ndi losiyana kwambiri.

Pakhungu lathu kufiira sikuoneka

Mukafufuza zithunzi pa intaneti mupeza mabala a azungu, ofiira ngati phwetekere, ndipo malangizo ake amati yang'anani kufiira. Pakhungu lakuda malangizo amenewa amasocheretsa. Magazi ochuluka aja amakhalapo ndithu, koma sawonekera ngati kufiira. Malo otukusira amaoneka oderapo kuposa khungu loyandikana nalo, mwina ngati papo, mwina otuwa, ndipo amanyezimira chifukwa khungu lakungika. Timizere tachibadwa tapakhungu timafafanizika ngati pabaluni yopopa.

Choncho musamafunse kuti pafiira kapena ayi. Yerekezani ndi mbali inayo. Ngati bala lili pamwendo wamanja, jambulani miyendo yonse iwiri ili pamodzi. Kusiyana kwa kukula ndi kunyezimira kumaoneka msanga kuposa mtundu. Kenako gwiritsani kuseri kwa dzanja losamba bwino: khudzani khungu la pambali pa bala, kenako malo omwewo pamwendo winawo. Kutentha kumene kwafalikira kutali ndi bala ndi chizindikiro champhamvu kuposa chilichonse chimene kamera ingakupatseni.

Nkhani ya msuweni wanga

Msuweni wanga amagwira ganyu pa esiteti ina. Nyengo yodulira tiyi, m'miyezi yozizira ija ya chiperoni, mpeni unaphonya nthambi n'kumutema pamsongolo. Bala linali la masentimita 5. Kuchipatala analitsuka, anamusoka malo anayi, anamubaya katemera wa kafumbata, n'kumuuza kuti adzabwere patatha masiku 10 kudzachotsa ulusi. Linali Lolemba.

Lachitatu ananditumizira chithunzi choyamba, ali ndi mantha. Chinalidi chosasangalatsa: m'mphepete motupa, magazi ouma akuda pa ulusi, khungu lachikasu mozungulira, bandeji yonyowa timadzi. Koma chikasu chija chinali mankhwala a ayodini amene anapaka kuchipatala. Milomo ya bala inali yogwirana bwino. Anati ululu ukucheperako poyerekeza ndi dzulo lake, ndipo anagona tulo. Ndinamuuza kuti atenge bolopeni ajambule mzere kuzungulira pamene khungu latupa ndi kudera, osakhudza balalo, alembe tsiku pambali pake, ndipo azijambula chithunzi m'mawa uliwonse atakhala pakhonde pomwepo.

Lachinayi kutupa kunali m'kati mwa mzere. Zonse bwino. Tsikulo anabwerera kuntchito, kukayenda m'mame atavala jombo, poti tsiku losagwira ntchito ndi tsiku lopanda ndalama.

Chithunzi cha Loweruka chinali chokongola kuposa zonse. Magazi ouma anali atachoka, bala louma, ulusi uli m'malo. Munthu woona chithunzi chokhachi akanati lapola. Koma pansi pake analemba kuti, "Asuweni, koma usiku linandivuta, likugunda ngati mtima." Mawu amenewa ndi amene anandidzidzimutsa. Ululu umene unali kutsika wabwereranso pa tsiku la 5, ndipo ndi ululu wogunda. Ndinamupempha chithunzi chotalikirako choonetsa miyendo yonse. Mwendo wovulalawo unali wonyezimira, ndipo kudera kuja kunali kutadutsa mzere wa bolopeni ndi pafupifupi chala chimodzi mbali yakumtunda. Atakhudza anati ukutentha. M'mphechepeche munali mutatuluka mwanabere.

Ndinamuuza kuti asadikire tsiku la ulusi, akwere kabaza apite tsiku lomwelo. Kumeneko anachotsa ulusi uwiri, ndipo mafinya amene anatsekeredwa pansi pa khungu anatuluka. Analitsuka, anasiya mbali imeneyo yotsegula kuti lipole kuchokera pansi, n'kumupatsa mankhwala opha tizilombo chifukwa kutupa kunali kutayamba kufalikira pakhungu.

Taonani zimene zachitika apa. Chithunzi choopsa chinali cha bala labwino, chithunzi chokongola chinali cha bala lotukusira. Chimene chinathandiza ndi tsiku, ululu, ndi mzere wa bolopeni. Ngakhale madokotala amakodwa mumsampha umenewu. Kafukufuku wina wa ku America amene anatuluka mu 2019 m'magazini ya JAMA Surgery anapeza kuti madokotala a opareshoni akapatsidwa chithunzi kuwonjezera pa zimene wodwala wafotokoza, ankadzidalira kwambiri pa yankho lawo, koma ankaphonya mabala otukusira ambiri kuposa pamene analibe chithunzi. Khungu lapamwamba limatha kutseka bwino pamene pansi pali moto.

Chofiira, chachikasu ndi choyera

Patatha sabata, msuweni uja anatumizanso chithunzi. M'kati mwa bala lotsegula lija munali mnofu wofiira kwambiri, wonyowa, wa timabuludzi ting'onoting'ono. Iye ankaganiza kuti zaipiratu. Komatu umenewo ndi mnofu wabwino umene umadzaza bala lotsegula, ndipo ukakhudzidwa umatha kutuluka timagazi pang'ono. Kenako m'mphepete mumabwera kakhungu kopyapyala kotuwa ngati pinki, kamene kamalowera m'kati tsiku ndi tsiku. Pakhungu lakuda kakhungu kameneka kamaoneka koyera modabwitsa, koma mtundu umabwerera pang'onopang'ono.

Chachikasu ndi chimene chimasokoneza kwambiri pachithunzi. Pali chikasu chomata pansi pa bala, chimene sichichoka mukachipukuta. Imeneyo ndi minofu yakufa yosakanikirana ndi zomatira za thupi. Imachedwetsa kupola ndipo achipatala amaichotsa, koma payokha sitanthauza kuti bala latukusira. Mafinya amakhala okhuthala ngati phala lamadzimadzi, osaonekera m'kati, achikasu, obiriwira kapena otuwa. Amayenda, amabwereranso mukawapukuta, ndipo kawirikawiri amanunkha. Pachithunzi choyandikira zinthu ziwirizi zimafanana. N'chifukwa chake ndimapempha chithunzi cha bandeji yochotsedwayo, chifukwa zimene zatsalira pamenepo zimanena zoona kuposa balalo mutalitsuka.

Palinso choyera chamakwinya m'mphepete mwa bala, ngati zala za munthu amene wachapa nthawi yaitali. Amenewo ndi madzi chabe: bandeji kapena pulasitala yakhala yonyowa. Isintheni, malowo aume. Ndipo ngati kuyabwa ndi totupa zatsatira ndendende makona a pulasitala, ndiye kuti khungu ladana ndi guluu wake.

Kajambulidwe koti munthu akuthandizeni

Foni zathu zinapangidwa kuti tizioneka bwino, osati kuti zizinena zoona. Zimitsani fyuluta iliyonse yosalaza nkhope, chifukwa imasalazanso bala. Zimitsani fulashi: imanyezimiritsa khungu labwinobwino ngati latupa, ndipo timadzi toyera imationetsa ngati mafinya. Jambulani masana, pamthunzi wowala monga pakhonde, malo omwewo ndi nthawi yofanana tsiku lililonse. Babu la usiku limasandutsa chilichonse chikasu.

Sambani m'manja ndi sopo, pukutani galasi la kamera, ndipo foni isakhudze bala. Musayandikire mopitirira. Foni zambiri zimataya chithunzi mukafika pafupi kwambiri, choncho imani kutalika ngati chikhatho chotambasula ndi theka, gwirani pasikirini pamene pali bala kuti lioneke bwino. Jambulani zitatu: chapafupi cholunjika, chotalikirako choonetsa chiwalo chonse ndi chinzake, ndi cha bandeji. Pambali pa bala ikani rula, kapena chitsekerero cha botolo la chakumwa, chimene chimakhala pafupifupi masentimita 3, kuti kukula kwake kudziwike. Potumiza pa WhatsApp dinani HD kapena tumizani ngati Document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa n'kutaya timizere tofunika.

Pansi pa chithunzi lembani zinthu zimene kamera singaone: lero ndi tsiku lachingati, ululu ukukwera kapena ukutsika, pakutentha kufika pati, pakununkha kapena ayi, thupi likutentha kapena ayi. Nenaninso ngati muli ndi matenda a shuga kapena kachilombo ka HIV, chifukwa kwa anthu amenewa bala limatha kutukusira kwambiri koma zizindikiro zake zili zochepa. Ndipo chonde musapake jivi, phulusa, mankhwala otsukira mano kapena ufa wa m'kapisozi. Jivi amabisa mtundu wonse, ndipo zinazo zimawononga mnofu watsopano kapena kulowetsa tizilombo tina. Kumbukiraninso kuti chithunzi cha pamimba pa mayi wachikuta si cha gulu lonse. Tumizirani munthu mmodzi wachipatala, ndipo mwini wake avomere.

Pamene simuyenera kujambula n'komwe

Pali nthawi zina zoti kudikira yankho la pafoni n'kutaya nthawi. Ngati thupi latentha kufika madigiri 38 kapena mukunjenjemera, pitani kuchipatala ndipo mukawaonetse balalo. Kuno kwathu kutentha thupi kulikonse timathamangira kunena kuti ndi malungo, n'kugula mankhwala pagolosale, pamene gwero lake lili pansi pa bandeji. Pitaninso tsiku lomwelo ngati mafinya akutuluka, bala latseguka, kutupa kwadutsa mzere wa bolopeni, kapena mwaona kamzere kopweteka kakukwera kuchokera pabala kulowera kukhwapa kapena kumphechepeche.

Zina ndi zoti munyamuke ngakhale pakati pa usiku. Ululu woopsa wosagwirizana ndi maonekedwe a bala, khungu lakuda bii kapena lotuluka matuza, kutupa kofalikira m'maola ochepa, kusokonezeka mutu, kupuma mofulumira: izi zimasonyeza kuti tizilombo talowa m'kati kapena m'magazi, ndipo zimatha kuchitika ngakhale tsiku loyamba kapena lachiwiri. Kwa mayi wa opareshoni, onjezani kumaliseche kotuluka zonunkha, m'mimba mopweteka mowonjezereka, ndi madzi ambiri otuwa ngati pinki otuluka mwadzidzidzi pabala, zimene zingatanthauze kuti ulusi wam'kati waduka. Zikatere chipatala chachikulu cha boma la Thyolo kapena cha Malamulo ku Makwasa ndi kumene kuli zipangizo zoyenera.

Kafumbata ndiye sajambulika n'komwe. Tizilombo take timakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo timakonda mabala akuya obayidwa ndi chitsa, msomali kapena chida chakumunda. Bala limatha kuoneka lopola, kenako pakati pa masiku 3 ndi 21 nsagwada n'kuyamba kuuma. Aliyense wovulala m'munda afunse za katemerayu tsiku lomwe wavulala, ngakhale bala likhale laling'ono.

Chipsera chili ndi nthawi yake

Ulusi ukachoka, mafunso amasintha. Chipsera chatsopano chimayabwa, chimakhala chotukuka pang'ono ndi cholimba, ndipo chimatha kuda kuposa khungu lonse. Pamwamba pa chipsera cha opareshoni yoberekera pamatha kuchita dzanzi kwa miyezi. Zonsezi ndi zachibadwa, ndipo chipsera chimatenga chaka kapena kuposerapo kuti chifewe n'kuphwa. Nthawi zina patatha milungu pamatuluka kachiphuphu kamodzi pamzere, pamene thupi likukankhira kunja kaulusi kam'kati. Musakakoke nokha, akakachotse achipatala.

Chipsera chimene chikukula pang'onopang'ono kwa miyezi, cholimba ngati labala, chonyezimira, choyabwa, mpaka kupitirira malire a bala loyamba, achipatala amachitcha keloidi. Chimakonda anthu akhungu lakuda, makamaka pachifuwa, pamapewa ndi pamakutu obooledwa. Si tizilombo, choncho makapisozi sangachiphwetse, ndipo kuchicheka kunyumba kumachikulitsa. Kusiyana kwake ndi liwiro: keloidi imasintha pa miyezi ndipo sitentha, pamene chipsera chimene chatupa, kutentha ndi kupweteka m'masiku awiri chimafuna kuonedwa msanga.

Ngati mulibe wachipatala womudziwa, funsani mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, kapena imbani nambala yaulere ya Chipatala Cha Pa Foni, mufotokoze tsiku, ululu, kutentha ndi zimene zili pabandeji. Koma yankho la pafoni, langa lomwe, limakhala lodalirika likamati pitani kuposa likamati khalani. Wina akakuuzani kuti chithunzi chikuoneka bwino pamene inu mukumva kuti ululu wa lero waposa wa dzulo, khulupirirani mwendo wanu, muupititse kwa munthu amene angaukhudze.